Kalembedwe ka maziko a pulani ndi kayendedwe ka madzi pa siteshoni yaing'ono yoyeretsera suweji mu lipoti la fizibilite

Lipoti la fizibilite limalembedwa ntchito isanayambe kuti lionetse ngati ingatheke komanso ndalama zimene idzadye. Pa ntchito ya siteshoni yoyeretsera suweji, mitu iwiri ya lipotili ndi imene imasenza zonse. Mutu wa maziko a pulani umanena kuchuluka kwa madzi oipa amene adzalowe, mphamvu yake, ndi ukhondo umene madzi ayenera kukhala nawo potuluka. Mutu wa kayendedwe ka madzi umafotokoza njira imene adzatsate kuchokera pa sefa yoyamba mpaka kumtsinje. Amalawi ambiri amene ali m'makampani a mainjiniya kuno ku Joni amapatsidwa mitu imeneyi kuti ayambe kuilemba, ndipo chizolowezi chofala ndi kutenga kabuku ka wogulitsa makina n'kukopera manambala ake. Yambani ndi maziko, makina abwere pambuyo. Nambala iliyonse mu lipoti izioneka kumene yachokera, kuti woiwerenga athe kuiwerengera yekha n'kupeza zomwezo.

Chitsanzo chimene titsate ndi chongoyerekeza: mudzi wa nyumba 125 kumwera kwa mzinda, kumene paipi ya suweji ya Johannesburg Water sinafike. Nyumba iliyonse anthu anayi, onse pamodzi 500. Malowo ali pa msinkhu wa mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere.

Gawo loyamba: dziwani kumene madzi adzathere

Musanawerengere thanki iliyonse, pezani kumene madzi oyeretsedwa adzapite, chifukwa kumeneko ndi kumene kumalamula ukhondo wofunika. Johannesburg inamangidwa pamsana pa chitunda. Madzi a kumpoto amatsikira mu Jukskei, n'kulowa mu Crocodile mpaka ku damu la Hartbeespoort, lija limadzaza namasupuni. A kumwera amatsikira mu Klip n'kukathira mu Vaal. Mbali zonse ziwiri mitsinje yake yalemedwa kale ndi naitirojeni ndi fosifeti, ndiye musayembekeze kuti boma likhala lofewa.

Lamulo lake ndi National Water Act la 1998. Kuthira madzi a suweji mumtsinje kuli pa ndime 21(f), ndipo kuthirira nawo kapinga kapena mbewu kuli pa ndime 21(e). Siteshoni yaing'ono, yotulutsa makyubiki mita osapitirira 2,000 pa tsiku, ingathe kulembetsedwa pansi pa chilolezo chotchedwa General Authorisation ku Department of Water and Sanitation ngati ikukwaniritsa zofunika zake, apo ayi pamafunika laisensi yonse. Malire wamba a chilolezochi ndi awa: COD, muyeso wa zinyansi zimene zimadya okosijeni m'madzi, isapitirire mamiligalamu 75 pa lita, tinyenyeswa toyandama 25, amoniya 6, naitireti 15, fosifeti 10, kolorini yotsalira 0.25, tizilombo ta m'chimbudzi 1,000 pa mamililita 100, ndipo pH ikhale pakati pa 5.5 ndi 9.5. Palinso malire apadera, okhwima kwambiri, a mitsinje imene inalembedwa pa mndandanda wa chilolezocho: COD 30, amoniya 2, naitireti 1.5, ndipo fosifeti 1 pa muyeso wapakati.

Lembani mu lipoti kuti mwatenga malire ati ndi chifukwa chake, ndipo muikemo kalata yochokera ku dipatimentiyo ngati mwaipeza. Muikenso yankho la Johannesburg Water lotsimikiza kuti kulumikiza ku paipi ya mzinda sikutheka pakali pano. Ngati paipiyo ili pafupi, kumanga siteshoni yopopera madzi kupita kumeneko nthawi zambiri kumaposa kukhala ndi siteshoni yanuyanu yoyeretsera, ndipo lipoti loona liyenera kunena zimenezo ngakhale mwini ntchito asakondwe. Pa chitsanzo chathu titenga malire wamba.

Gawo lachiwiri: kuchuluka kwa madzi

Kumene kuli anthu kale, mabilu a madzi a miyezi 12 ndiwo umboni wabwino. Chotsani madzi a kudimba ndi otsukira magalimoto, chifukwa amenewo salowa mu suweji. Kumene nyumba sizinamangidwe, mumatenga nambala ya pa munthu mmodzi n'kunena poyera kuti ndi yongoganizira. Ife titenga malita 150 pa munthu pa tsiku. Anthu 500 akupereka makyubiki mita 75 pa tsiku, kapena 3.1 pa ola. Amenewa ndi madzi a tsiku wamba lopanda mvula.

Chenjerani ndi chiwerengero cha anthu. Pulani ya nyumba imati anthu anayi, koma aliyense wokhala ku Joni amadziwa za zipinda za kuseri kwa nyumba zimene zimamangidwa n'kuikamo alendi. Ngati malamulo a mudziwo amalola zipinda zotero, ziwerengeni lero. Ngati salola, lembani kuti pulaniyi ndi ya anthu 500 basi, ndipo musiye malo a thanki yachiwiri.

Madzi safika mofanana tsiku lonse. M'mawa anthu onse amasamba nthawi imodzi, ndipo mudzi ukachepa, kusiyana kwa ola lotanganidwa ndi ola wamba kumakula. Njira yodziwika yowerengera ndi fomula ya Harmon, momwe P ndi chiwerengero cha anthu m'masauzande ndipo PF ndi nambala yochulukitsira madzi a ola wamba:

```
PF = 1 + 14 / (4 + sqrt(P))
P = 0.5  ->  PF = 3.97
```

Tikaitenga ngati 4, ola lotanganidwa limabweretsa makyubiki mita 12.5. Tionjezerepo 15 pa 100 alionse chifukwa cha madzi a mvula olowa m'mapaipi, tifike pa 14.4 pa ola. Mvula ya kuno ndi ya mabingu, yogwa mwamphamvu kwa kanthawi kochepa kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo ngati wina walumikiza ngalande ya padenga ku suweji, gawo la 15 lija silikwanira. Lembani kuti kulumikiza kotero n'koletsedwa ndipo kudzayenderedwa nyumba zisanaperekedwe kwa eni ake.

Gawo lachitatu: mphamvu ya suweji, m'makilogalamu

Apa ndi pamene malipoti ambiri amapunthwa. Amalemba kuti COD yolowa ndi mamiligalamu 500 pa lita chifukwa buku lina latero, osayang'ana kuti anthu awo amagwiritsa ntchito madzi ochuluka bwanji. Munthu amatulutsa zinyansi zofanana kaya ali ndi madzi ambiri kapena ochepa. Madzi akachepa, suweji imangokhala yokhathamira, monga thobwa limene lachepetsedwa madzi koma ufa uli womwewo. Choncho yambani ndi makilogalamu pa tsiku, mamiligalamu pa lita atuluke okha pambuyo.

Titenga magalamu 100 a COD pa munthu pa tsiku, 10 a naitirojeni yonse imene labotale imailemba kuti TKN, ndi 2 a fosiforasi. Kwa anthu 500 ndi makilogalamu 50, 5 ndi 1 pa tsiku. Mukagawa ndi makyubiki mita 75 mupeza mamiligalamu 667 a COD pa lita, 67 a TKN ndi 13 a fosiforasi. Anthu omwewo atamagwiritsa ntchito malita 100 okha, COD ingafike pa 1,000, ndipo amene amawerengera kukula kwa thanki poyang'ana madzi okha angaichepetse pamene katundu wa bakiteriya sanachepe ngakhale pang'ono.

Ngati suweji ilipo kale, iyezeni. Sampulo imodzi yotunga masana sikuuzani zambiri, chifukwa nthawi imeneyo anthu ali kuntchito ndipo madzi ndi opepuka. Pamafunika masampulo osakaniza a maola 24, kwa masiku angapo kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu, oyezedwa ku labotale yovomerezedwa ndi SANAS. Pemphani kuti ayezenso alikaliniti, mphamvu ya madzi yoletsa pH kugwa, chifukwa mudzaifuna pa gawo la amoniya. Ngati pamudzipo padzakhala lesitilanti, butchala kapena kochapira zovala, katundu wake muwerengere payekha ndipo mulembe kuti padzakhala msampha wa mafuta pa khitchini iliyonse ya malonda.

Gawo lachinayi: zinthu za pamalo

Zinthu zinayi za kuno ziyenera kuoneka mu maziko a pulani. Choyamba ndi kuzizira. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumagwa chisanu, ndipo thanki yaing'ono imazizira msanga kuposa ya siteshoni yaikulu ngati Northern Works. Titenga madigiri 14 ngati kuzizira kwa madzi m'nyengo yozizira ndi 22 m'nyengo yotentha. Ngati mathanki ndi apulasitiki kapena achitsulo okhala pamtunda osakwiriridwa, tsitsani mpaka 12. Chachiwiri ndi msinkhu wa malo. Pakati pa mzinda ndi pafupifupi mamita 1,750, pamene ku Lanseria ndi pafupifupi 1,400, choncho tengani msinkhu weniweni kwa woyeza malo.

Chachitatu ndi nthaka. Mbali zina za kumwera ndi kumadzulo kwa mzinda zili pa mwala wa dolomaiti, umene umasungunuka pang'onopang'ono, ndipo madzi odontha kuchokera mu thanki kapena paipi angathe kutsegula dzenje pansi pa siteshoni. Pamalo otero pamafunika kafukufuku wa nthaka motsata SANS 1936, ndipo maiwe osamata pansi kapena maenje omwetsa madzi m'nthaka musawaike n'komwe pa zosankha zanu. Onetsaninso mzere wa madzi osefukira a kamodzi pa zaka 100, siteshoni ikhale kunja kwake. Chachinayi ndi magetsi, amene tikambe kumapeto.

Gawo lachisanu: kusankha njira yoyeretsera

Yerekezani njira zosachepera zitatu, koma musataye masamba ambiri pamenepa. Maiwe ndi otchipa kuyendetsa koma amadya malo aakulu, amanunkha pafupi ndi nyumba, ndipo m'nyengo yozizira amavutika kutsitsa amoniya kufika pa 6. Septiki thanki yotsatiridwa ndi sefa ya miyala kapena mawilo ozungulira okhala ndi bakiteriya imadya magetsi ochepa, koma naitireti imatuluka yambiri. Njira ya matope amoyo, momwe bakiteriya amayandama m'madzi akupatsidwa mpweya, imakwaniritsa malire onse ngati pali woiyang'anira. Kwa mudzi wathu tisankha imeneyi, yokhala ndi chipinda chopanda mpweya kutsogolo chochotsera naitireti. Njira yochotsa naitirojeni ndi fosifeti pogwiritsa ntchito bakiteriya inakulira m'dziko lino m'zaka za m'ma 1970 kudzera mu ntchito ya James Barnard, choncho mainjiniya a boma amene adzawerenge lipoti lanu amaidziwa bwino ndipo nambala yolakwika adzaiona msanga.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kukula kwa thanki ya bakiteriya

Kukula kwa thanki imeneyi kumawerengedwa poyang'ana nyengo yozizira. Bakiteriya odya COD amaswana mofulumira, koma osandutsa amoniya kukhala naitireti amaswana mochedwa, ndipo pa madigiri 14 liwiro lawo limatsika kufika pafupifupi theka la pa madigiri 20. Mukamataya matope mofulumira kuposa mmene iwo akuswanirana, amatha m'thanki. Chizindikiro chake n'chodziwika: madzi otuluka amaoneka oyera, COD ili bwino, koma amoniya imakwera mu Juni n'kudzatsika yokha mu Seputembala. Mankhwala ake ndi kusunga matope nthawi yaitali. Nthawi imeneyi imatchedwa msinkhu wa matope, ndipo ife titenga masiku 25.

Pa masiku 25 ndi madigiri 14, suweji ya m'nyumba yosadikhitsidwa imasiya m'thanki makilogalamu pafupifupi 7.2 a matope pa kilogalamu iliyonse ya COD yolowa pa tsiku. Makilogalamu 50 kuchulukitsa ndi 7.2 ndi 360. Tikufuna kuti kyubiki mita iliyonse isenze makilogalamu 4 a matope, chifukwa kupitirira pamenepo thanki yodikhitsira, imene imalekanitsa matope ndi madzi oyera, imayamba kulemedwa. Mukagawa 360 ndi 4 mupeza makyubiki mita 90. Madzi adzakhala m'thanki pafupifupi maola 29, koma nambala ya maolayi yangotuluka pa kuwerengera, si imene tinayambira. Wogulitsa akakuuzani kuti thanki yake imasunga madzi maola 12 ndipo ndi yokwanira, mufunseni msinkhu wa matope ndi kuzizira kumene anawerengera.

Tsopano naitireti. Pa makilogalamu 5 a naitirojeni, pafupifupi 1.1 imalowa m'matope otayidwa, pang'ono imatuluka ndi madzi, ndipo pafupifupi 3.7 imasanduka naitireti. Amenewo ndi mamiligalamu 49 pa lita, pamene malire ndi 15. Ndiye thanki timaigawa pawiri: makyubiki mita 36 opanda mpweya kutsogolo, ongotakasidwa ndi makina, ndi 54 a mpweya kumbuyo. Pampu imabweza madzi a m'chipinda cha mpweya kupita kutsogolo katatu kuchuluka kwa madzi olowa, ndipo matope ochokera ku thanki yodikhitsira amabwerera kamodzi kuchuluka kwa madzi olowa. Kutsogoloko bakiteriya amasowa mpweya n'kugwiritsa ntchito naitireti podya suweji yatsopano, naitirojeni n'kuuluka ngati mpweya. Naitireti yotuluka imakhala pakati pa 10 ndi 13 m'nyengo yozizira. Mpata wake ndi wochepa, ndipo lipoti linene choncho. Chipinda chopanda mpweya chikanakhala makyubiki mita 27 okha, malire akanaswedwa mu Julayi.

Chipinda chimenechi chili ndi phindu lina. Miligalamu iliyonse ya amoniya yosanduka naitireti imadya mamiligalamu 7.14 a alikaliniti, ndipo kuchotsa naitireti kumabweza theka lake, 3.57. Pa chitsanzo chathu pakudyedwa 350 ndipo pakubwerera pafupifupi 130. Alikaliniti yotsala ikatsika pansi pa 50, pH imagwa, bakiteriya a amoniya amaima, ndipo matope amasweka n'kumatuluka ndi madzi. Ngati masampulo aonetsa alikaliniti yochepa, ikani pothirira laimu kapena soda mu pulani ndi mu bajeti ya mwezi ndi mwezi.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: mpweya, ndi msinkhu wa Johannesburg

Bakiteriya odya COD adzafuna makilogalamu pafupifupi 30 a okosijeni pa tsiku. A amoniya amafuna 4.57 pa kilogalamu iliyonse ya naitirojeni, ndiye 3.7 kuchulukitsa ndi 4.57 ndi 17. Pamodzi ndi 47. Okosijeni wopulumutsidwa ndi chipinda chopanda mpweya tingomusiya ngati mpata wodzitetezera.

Nambala ya 47 si imene mumapereka kwa wogulitsa bulowa, makina opopera mpweya m'thanki. Manambala a m'kabuku kake ndi a madzi oyera, pa madigiri 20, pa msinkhu wa nyanja, m'madzi opanda okosijeni n'komwe. Pa mamita 1,600 mpweya ndi wopepuka, mphamvu yake ndi pafupifupi 82 pa 100 alionse a ku Durban, ndipo madzi amene kunyanja amasunga mamiligalamu 9.1 a okosijeni pa lita kuno amasunga 7.5 okha. Pamenepo chotsaninso 2 amene tikufuna azitsala m'thanki nthawi zonse, muganizirenso kuti suweji imalandira mpweya movutikira kuposa madzi oyera.

```
AOR/SOR = alpha * (beta*Cs - C) / 9.09 * 1.024^(T-20)
        = 0.6 * (0.95*7.2 - 2) / 9.09 * 1.024^2
        = 0.335
```

Apa AOR ndi okosijeni amene makina adzapereke m'thanki yathu, SOR ndi wa m'kabuku, 0.6 ndi 0.95 ndi zongoganizira za mmene suweji imasiyanirana ndi madzi oyera, ndipo 7.2 ndi okosijeni amene madzi angasunge pa madigiri 22 pamalo athu. Tawerengera nyengo yotentha chifukwa ndi imene madzi amasunga mpweya wochepa. Yankho likutanthauza kuti makina adzapereka gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene kabuku kamanena. Ndiye 47 akhala pafupifupi 140, ndipo tikachulukitsa ndi 1.5 chifukwa cha katundu wa m'mawa tifika pa 210 pa tsiku, pafupifupi makilogalamu 9 pa ola. Kuwerengera komweko pa msinkhu wa nyanja kumapereka ochepera 7. Siteshoni yopangidwira ku Durban kapena Cape Town ikaikidwa kuno osasintha bulowa, imaperewera pafupifupi kota ya mpweya wake. Mudzaizindikira ndi matope akuda m'malo mwa ofiirira, fungo la mazira oola m'mawa, ndi mita ya okosijeni yowerenga pansi pa 0.5 pa nthawi ya katundu wambiri.

Ndi timabowo totulutsa thovu laling'ono tomizidwa mamita 3, pamafunika mpweya wa makyubiki mita pafupifupi 190 pa ola pa muyeso wa kunyanja, amene kuno bulowa iyenera kukoka pafupifupi 230. Lembani manambala onse awiri ndi kunena kuti ndi ati, chifukwa kusokoneza awiriwa n'kofala pogula. Mabulowa akhale awiri, imodzi yogwira ntchito ina yodikira.

Gawo lachisanu ndi chitatu: kulemba kayendedwe ka madzi

Manambala akakhazikika, mutu wa kayendedwe umalembeka mosavuta. Tsatani madzi kuchokera polowera mpaka potulukira, ndipo pa chigawo chilichonse nenani ntchito yake, kukula kwake, muyeso umene mwakulitsira, ndi chimene chimachitika chikaleka kugwira ntchito. Pambali pake pakhale chithunzi cha mabokosi ndi mivi choonetsa madzi ndi makilogalamu pa paipi iliyonse, ndipo manambala a pa chithunzi afanane ndi a m'mawu.

Madzi amayamba kudutsa pa sefa ya zitsulo yotalikirana mamilimita 10, yokulitsidwa kuti ilandire makyubiki mita 14.4 pa ola, yokhala ndi ngalande yapambali yoti madzi adutse ikatsekeka. Matewera ndi timapepala tonyowa topukutira ndi amene amapha mapampu a siteshoni zazing'ono, choncho nenani kuti sefayi idzapalidwa kawiri pa tsiku ndi kumene zinyalala zake zidzatayidwe. Kenako pali ngalande ziwiri za mchenga, momwe madzi amayenda mamita 0.3 pa sekondi kuti mchenga ukhale pansi koma zinyansi zipitirire, ndi mita yoyezera madzi olowa.

Kuchokera apo madzi amalowa mu thanki yosungira ya makyubiki mita 25, imene ndi madzi a maola 8 a tsiku wamba. Mapampu awiri osinthana amatumiza madzi kutsogolo osapitirira makyubiki mita 6 pa ola. Pa mvula yamphamvu, pamene akulowa 14.4 ndipo akutuluka 6, thankiyi ikayamba yopanda madzi imadzaza pa maola atatu, ndipo lipoti linene kumene madzi adzapite ikadzaza. Thanki imeneyi iyenera kutakasidwa kuti matope asakhale pansi n'kuola.

Pambuyo pa thanki ya bakiteriya pali thanki yodikhitsira. Pa makyubiki mita 6 pa ola ndi liwiro lokwera la mamita 0.6 pa ola, pakufunika masikweya mita 10, kutanthauza thanki yozungulira ya mamita 3.6 m'mimba mwake. Kukula kumeneku kwadalira thanki yosungira ija. Wina akaichotsa kuti apulumutse ndalama, madzi a 14.4 adzakwera pa mamita 1.4 pa ola ndipo matope adzasefukira kumtsinje, bakiteriya n'kupita nawo. Lembani kudalirana kumeneku momveka, chifukwa pochepetsa bajeti thanki yosungira ndi imene anthu amayamba kuiloza. Ngati thankiyo ndi ya pansi posongoka yopanda chopalira, makoma ake apendekeke madigiri 60 kuti matope atsetsereke. Matope akachedwa pansi, naitireti yotsala imatulutsa thovu ndipo zibuma zakuda zimayandama pamwamba.

Pomaliza ndi kolorini. Madzi akhale nayo mphindi 30 pa liwiro lalikulu, ndiye thanki ya makyubiki mita 3 yokhala ndi makoma okhotetsa njira. Pa mamiligalamu 5 pa lita, pakufunika magalamu 375 pa tsiku. Vuto lake ndi lakuti malire a kolorini yotsalira ndi 0.25 okha, choncho mufotokoze mmene idzachotsedwere madzi asanafike kumtsinje, kapena musankhe nyale za UV ngati madzi adzakhale oyera mokwanira.

Fosifeti ya chitsanzo chathu idzatuluka pafupifupi 9, pansi pang'ono pa 10. Dipatimenti ikalamula 1, padzafunika kuthira alamu kapena feriki kolorayidi, zimene zimachulukitsa matope ndi kudya alikaliniti, ndipo thanki ya bakiteriya muyenera kuiwerengeranso.

Matope otayidwa

Msinkhu wa masiku 25 umatanthauza kutaya gawo limodzi mwa magawo 25 a thanki tsiku lililonse: makyubiki mita 3.6, okhala ndi makilogalamu 14.4 a matope ouma. Kutaya kuchokera m'thanki ya bakiteriya momwemo n'kwabwino pa siteshoni yaing'ono, chifukwa woyang'anira amangoyeza kuchuluka kwa madzi ndipo msinkhu wa matope umakhala wolondola popanda labotale. Pa chaka ndi matani oposa 5. Tikatenga makilogalamu 100 pa sikweya mita pa chaka, mabedi anayi oumitsira a masikweya mita 15 lililonse akwanira, madzi odontha pansi pake n'kubwerera ku thanki yosungira. Ngati malo palibe, ikani thanki yokhuthalitsira matope ndi mtengo wa galimoto yopopa, ndi chilolezo cha kumene idzakathire. Malipoti ambiri amadumpha gawo ili, ndipo zotsatira zake zimaoneka patapita miyezi ingapo siteshoni itatsegulidwa, pamene matope adzaza thanki ndipo ayamba kutuluka ndi madzi.

Magetsi ndi woyang'anira

Magetsi akazima maola awiri, bakiteriya amapirira. Akamazima maola anayi kangapo pa tsiku, a amoniya amafooka, ndipo m'nyengo yozizira amatenga masabata kuti abwerere. Lembani mndandanda wa makina amene sayenera kuima, omwe ndi bulowa imodzi, pampu imodzi yotumiza madzi, pampu yobweza matope ndi pothirira kolorini, ndipo kukula kwa jenereta yodziyatsa yokha kuwerengedwe pa amenewo. Injini ya dizilo nayonso imataya mphamvu pa msinkhu uno, ndiye muuze wogulitsa mamita a pamalopo.

Nenaninso amene adzayendetse siteshoni, maola ake pa tsiku, ndi zimene adzayeze. Tsiku lililonse ayeze okosijeni, pH, kolorini, ndi kudikha kwa matope mu silinda ya lita imodzi kwa mphindi 30, pamene masampulo a ku labotale azitengedwa monga chilolezo chalamulira. Mtengo wa munthuyu, magetsi, mankhwala ndi kuchotsa matope ulowe mu bajeti ya chaka, ndipo zidziwike kuti adzalipira ndani, kaya ndi bungwe la eni nyumba kapena mwini malo. Kumapeto kwa mutu wa maziko ikani tebulo la zongoganizira zonse, chilichonse ndi kumene chachokera komanso chimene chidzasinthe chikapezeka cholakwika, kenako injiniya wolembetsedwa ku ECSA aunike manambala ndi kusaina lipoti lisanapite kwa mwini ntchito.